Kalata yopempha mwini webusayiti kuti mutolere zotsatsa zake pa kafukufuku wa kusukulu

Wophunzira amene akufufuza mitengo ya nyumba za lendi, ya magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, kapena mitundu ya ntchito zimene makampani akulemba anthu, sachedwa kuona kuti zimene akufuna zili kale pa webusayiti ina ya zotsatsa malonda. Zili poyera ndipo aliyense angathe kuziwerenga. Koma kukopera pamanja zotsatsa masauzande ambiri sikutheka, choncho amalemba kapulogalamu koti kazitsegula masambawo kamodzikamodzi n'kumasunga zimene zalembedwapo. Kapulogalamu kameneka kasanayambe ntchito, pamafunika kalata yopita kwa mwini webusayitiyo.

Makalata ambiri otere sayankhidwa, ndipo si chifukwa choti eni mawebusayiti ndi ouma mtima. Kalata yonena kuti "ndikupempha chilolezo chotenga deta pa webusayiti yanu kuti indithandize pa maphunziro anga" imasiya wolandirayo ali ndi mafunso amene wolembayo ndiye amayenera kuyankha. Deta iti? Yochuluka bwanji? Idzatengedwa liti, mothamanga bwanji? Idzathera kuti? Munthu wotanganidwa sangayambe kufunsa zonsezi kwa mlendo, ndipo kuvomera chinthu chimene sakuchidziwa malire ake n'kudziika pangozi. Chapafupi kwa iye ndi kungokhala chete. Ntchito ya kalatayi ndi kuika malirewo momveka bwino, kotero kuti mwiniyo akaiwerenga kamodzi athe kuyankha kuti "chitani" akudziwa chimene wavomera.

Zili poyera, nanga chilolezo n'chachiyani?

Funso ili n'lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa moona mtima. Kuwerenga chotsatsa chimodzi ndi kukokolola zotsatsa zonse n'zinthu zosiyana, ngakhale tsamba lililonse lili poyera.

Mawebusayiti ambiri a malonda ali ndi tsamba la malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo kawirikawiri mumakhala ndime yoletsa kutolera zinthu ndi mapulogalamu popanda chilolezo cholembedwa. Ngati munatsegula akaunti pamenepo, ndiye kuti munavomera malamulowo. Ku America, kampani ya hiQ Labs inkatolera zimene anthu analemba poyera pa LinkedIn, webusayiti imene anthu amalembapo mbiri ya ntchito zawo. Mu 2019 komanso mu 2022, khoti la apilo linaona kuti kutenga zinthu zimene zili poyera sikukuoneka kuti kukuphwanya lamulo la dzikolo loletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo. Ambiri amaimira pomwepo akamasimba nkhaniyi. Koma chakumapeto kwa 2022 khoti lina linapeza kuti hiQ inaphwanya mgwirizano umene ogwiritsa ntchito LinkedIn amavomera. Mlanduwo unatenga zaka zoposa 5. M'mayiko a European Union muli lamulo la 1996 loteteza nkhokwe za deta, limene limapatsa amene anawonongerapo chuma posonkhanitsa nkhokweyo ufulu woletsa ena kutapa gawo lalikulu la zimene zilimo, ngakhale mfundo iliyonse payokha ilibe mwini. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo wophunzira wa chaka chomaliza alibe nthawi yoyesera kuti amukomera ndi ati. Imelo imodzi yovomera imachotsa gawo lalikulu la nkhawa imeneyi.

Palinso anthu amene anaika zotsatsazo. Munthu akalemba nambala yake ya foni pa chotsatsa nyumba, amafuna kuti ofuna nyumba amuimbire. Sanaganize zoti nambalayo ikakhala m'fayilo ya wophunzira wa ku yunivesite ina kwa zaka zambiri. Mu 2016 ofufuza a ku Denmark anatolera zimene anthu pafupifupi 70,000 analemba pa OkCupid, webusayiti yopezerapo zibwenzi, n'kuziika pa intaneti kuti aliyense atenge, mayina awo a pawebusayitipo ali pomwepo. Ankadziteteza ponena kuti zinthuzo zinali kale poyera. Ofufuza anzawo ambiri anadzudzula zimenezi kwambiri ndipo fayiloyo inachotsedwa. Dziwani kuti pa mbali iyi chilolezo cha mwini webusayiti sichikwanira. Iye angakuloleni kugwiritsa ntchito seva yake, kompyuta imene imasunga webusayitiyo, koma sangakupatseni ufulu wochita zimene mukufuna ndi mayina ndi manambala a anthu ena. Malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR imene inayamba kugwira ntchito ku Ulaya mu 2018, amakhudzabe zinthu za munthu ngakhale mwazipeza poyera. N'chifukwa chake kalata yabwino imanena zimene simudzatenga momveka ngati mmene imanenera zimene mudzatenge.

Musanalembe

Werengani tsamba la malamulo lija mpaka kumapeto, ndipo lembani penapake nambala ya ndime imene ikunena za kutolera ndi mapulogalamu. Kenako tsegulani fayilo yotchedwa robots.txt. Imapezeka mukalemba dzina la webusayiti n'kuwonjezera `/robots.txt` kumapeto. Mwambo wa fayiloyi unayamba mu 1994, ndipo mu 2022 unalembedwa mwadongosolo m'chikalata cha RFC 9309. M'menemo mwini webusayiti amauza mapulogalamu oyendayenda pa intaneti mbali zimene angalowe ndi zimene asalowe. Mungapeze zotere:

```
User-agent: *
Disallow: /search
Disallow: /user/
Allow: /listings/
Crawl-delay: 10
```

Apa mwiniyo akuuza mapulogalamu onse kuti asakhudze masamba ofufuzira ndi masamba a anthu eni maakaunti, koma masamba a zotsatsa angawatsegule. Mzere womalizawo ukupempha kuti pazidutsa masekondi 10 pakati pa tsamba ndi tsamba. Mzere umenewu mulibe mu RFC 9309 ndipo mapulogalamu ena saulabadira, koma inu ulabadireni, chifukwa ukukuuzani liwiro limene mwiniyo akuona kuti seva yake ingapirire. Fayiloyi si chilolezo. Ikhoza kulola pamene tsamba la malamulo likuletsa, ndipo zikatero kalata ndi imene imathetsa kusagwirizanako. Onaninso ngati webusayitiyo ili ndi API, imene ndi khomo lokonzedwera mapulogalamu ofuna deta. Ngati ilipo, pempho lanu lisinthe n'kukhala lopempha kiyi ya API, chifukwa mwiniyo anasankha kale njira imene akufuna kuti anthu ngati inu adzere.

Tsopano pakubwera ntchito imene ophunzira ambiri amaidumpha, komatu ndi imene imapatsa kalata mphamvu: kuwerengetsa.

Tiyerekeze kuti wophunzira wa zachuma akufuna kudziwa mmene lendi imasinthira malinga ndi kuchuluka kwa zipinda ndi dera limene nyumba ili. Webusayiti imene wasankha ikusonyeza kuti ili ndi zotsatsa za nyumba za lendi 12,000, ndipo tsamba lililonse la mndandanda limaonetsa 20. Ndiye kuti masamba a mndandanda alipo 600. Akafuna kutsegulanso chotsatsa chilichonse pachokha, seva idzalandira mapempho 12,600. Pa liwiro la tsamba limodzi pa masekondi 10 aliwonse, ntchitoyi ikutenga masekondi 126,000, amene ndi maola 35. Akamayendetsa pulogalamuyo maola 4 okha usiku uliwonse, pamene webusayiti ilibe anthu ambiri, adzatsegula masamba 1,440 pa usiku umodzi ndipo adzamaliza pa usiku wa 9. Tikati tsamba limodzi lopanda zithunzi ndi 200 KB, zonse pamodzi zikukwana pafupifupi 2.5 GB. Akamatsitsanso zithunzi, kuchulukako kukhoza kukwera kakhumi kapena kuposa, ndipo pa seva zina mwini webusayiti amalipira malinga ndi deta imene yatuluka.

Akayang'ana manambala amenewa, wophunzirayo ayenera kudzifunsa ngati funso la kafukufuku wake likufunadi zonsezo. Nthawi zambiri tsamba la mndandanda limaonetsa kale mtengo, dera ndi chiwerengero cha zipinda. Ngati n'zokhazo zimene zikufunika, masamba 600 aja akwanira, ndipo ntchito yonse itha m'mphindi 100. Ngati akufunanso kukula kwa nyumba, kumene kumangooneka mukatsegula chotsatsacho, angasankhe mwachisawawa chotsatsa chimodzi pa 10 zilizonse. Zimenezi ndi zotsatsa 1,200, ndipo kuphatikiza masamba a mndandanda mapempho onse akukwana 1,800, maola 5 basi. Pa funso lofanizira lendi ndi zipinda, 1,200 n'zokwanira ndithu, pokhapokha ngati akufuna kunenapo za madera ang'onoang'ono amene ali ndi zotsatsa zochepa. Ine ndimaona kuti pempho la masamba 1,800 ndi labwino kuposa la 12,600, osati chifukwa limavomerezeka msanga kokha, koma chifukwa limaonetsa mwiniyo kuti simukukopera nkhokwe yake yonse. Mantha aakulu a mwini webusayiti ya zotsatsa ndi akuti wina atape zonse n'kukatsegula webusayiti yopikisana nayo. Amene wapempha chimodzi pa khumi sangachite zimenezo.

Ngati kafukufuku akufuna kuona kusintha kwa mitengo pakapita nthawi, mwachitsanzo kutolera kamodzi pa sabata kwa masabata 8, chulukitsani nambalayo ndi 8 ndipo nenani zimenezo m'kalata. Kupempha kutolera kamodzi kenako n'kumabwerera sabata iliyonse ndi kuphwanya mgwirizano, ngakhale liwiro lanu lili lochepa.

Chomaliza musanalembe ndi kukaonana ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu. Mayunivesite ambiri ali ndi komiti yovomereza kafukufuku wokhudza anthu, ndipo woyang'anirayo akuuzani ngati ntchito yanu iyenera kudutsa kumeneko. Muwapemphenso kuti dzina lawo ndi imelo yawo zilowe m'kalata.

Kalatayo

Itumizeni kuchokera pa imelo ya yunivesite, chifukwa adiresiyo payokha ndi umboni woyamba woti ndinudi wophunzira. Ilembeni m'chilankhulo chimene eni webusayitiwo amagwiritsa ntchito. Mutu wake unene nkhani yonse, mwachitsanzo "Pempho lotolera zotsatsa 1,200 za nyumba za lendi pa kafukufuku wa ku yunivesite". Wophunzira wathu uja angalembe motere, atayika mayina ndi masiku enieni m'malo oyenera:

> Okondedwa oyang'anira webusayiti,
>
> Ndine wophunzira wa chaka chomaliza mu dipatimenti ya zachuma, ndipo ndikulemba lipoti la kafukufuku wokhudza mmene lendi ya nyumba imasinthira malinga ndi dera, zipinda ndi kukula kwa nyumba. Ondiyang'anira pa ntchitoyi ndawaika pa imelo ino, ndipo mungathe kuwafunsa chilichonse.
>
> Ndikupempha chilolezo chanu kuti nditolere, pogwiritsa ntchito pulogalamu, mfundo zochepa kuchokera pa zotsatsa za nyumba za lendi zimene aliyense amaziona popanda akaunti. Ndawerenga malamulo anu ndipo ndaona kuti amafuna chilolezo cholembedwa pa ntchito yotere.
>
> Pa chotsatsa chilichonse ndidzatenga mtengo wa lendi, dera, chiwerengero cha zipinda, kukula kwa nyumba, mtundu wa nyumba ndi tsiku limene chinaikidwa. Sindidzatenga mayina, manambala a foni, maimelo, adiresi yeniyeni ya nyumba, zithunzi, kapena mawu ofotokozera amene wotsatsa analemba. Nambala ya chotsatsa ndidzaisunga pongofuna kuchotsa zobwereza, ndipo ndidzaifufuta pasanathe sabata nditamaliza kutolera.
>
> Ndidzatsegula masamba a mndandanda pafupifupi 600 ndi zotsatsa 1,200 zosankhidwa mwachisawawa. Masamba onse sadzapitirira 2,000, ndipo ndidzatolera ulendo umodzi wokha. Pakati pa tsamba ndi tsamba pazidutsa masekondi 10, ndipo ndizichita izi kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko m'bandakucha, nthawi ya kwanu, kwa masiku awiri. Pulogalamuyo izidzitchula dzina limene ndalemba m'munsimu kuti muthe kuizindikira. Seva yanu ikangosonyeza kuti yalemedwa, kapena inu mukandiuza kuti ndileke, ndidzaleka nthawi yomweyo.
>
> Fayiloyo idzasungidwa pamalo otetezedwa a yunivesite, ndipo oiona ndi ine ndi ondiyang'anira okha. Sindidzaigulitsa, kuipatsa wina kapena kuiika pa intaneti. Mu lipoti mudzangokhala ziwerengero zophatikiza monga lendi yapakatikati pa dera, osati zotsatsa zenizeni. Ndidzaifufuta miyezi 6 lipotilo litalandiridwa.
>
> Ngati kungakupepukireni kunditumizira mfundo zomwezi mu fayilo ya tebulo ya CSV, kapena kundipatsa mwayi wa API, ndingasangalale ndi njira imeneyo. Ndiuzeninso ngati mukufuna kuti webusayiti yanu itchulidwe dzina mu lipoti kapena ayi. Ndidzakutumizirani zimene ndapeza.
>
> Ndiyenera kuyamba kutolera pakutha pa masabata 4, choncho ndingathokoze nditamva maganizo anu pasanathe masabata 2. Ngati nkhaniyi si yanu, chonde ndilozereni kwa amene angaiyankhe.
>
> Ine wanu,

Pansi pa dzina lake, wophunzirayo alembe mzere umene pulogalamu yake izitumiza ku seva pa pempho lililonse:

```
User-Agent: kafukufuku-wa-lendi/1.0 (+mailto:wophunzira@example.org)
```

Kamzere aka kamachita zambiri. Pafupifupi seva iliyonse imasunga kaundula wa mapempho amene yalandira, wosonyeza adiresi ya IP imene pempho lachokera, nthawi, tsamba lopemphedwa ndi dzina la pulogalamu yopemphayo. Woyang'anira seva akadzaona masamba 1,800 atatsegulidwa usiku kuchokera pamalo amodzi, adzaona dzinali pambali pake ndipo adzadziwa kuti ndi wophunzira uja. Akafuna kudandaula, imelo ili pomwepo. Akafuna kutsimikiza kuti mwasunga lonjezo la masekondi 10, kaundula amuuza. Malonjezo okhudza kasungidwe ka fayilo m'kalatamo ayenera kungowakhulupirira, koma ili angathe kuliona ndi maso ake. Ngati mukudziwa adiresi ya IP imene mudzagwiritse ntchito ndipo siisinthasintha, ilembeninso.

Taonani ndime yonena za zimene sadzatenga. Ambiri amakumbukira kusiya mayina ndi manambala a foni, koma amatenga mawu ofotokozera aja, poganiza kuti mwina adzawafuna. M'mawu amenewo ndi mmene otsatsa amalembamo kuti "imbani pa nambala yakutiyakuti" kapena "funsani za uje", ndiye mayina ndi manambala amene munawakana pakhomo amalowera pawindo. Ngati kafukufuku wanu akufunadi mawuwo, nenani zimenezo poyera, ndipo fotokozani kuti pulogalamu yanu izichotsa manambala ndi maimelo isanasunge chilichonse. Ena amati asandutsa nambala ya foni kukhala zilembo zosamveka pogwiritsa ntchito njira monga SHA-256, n'kumati tsopano mwini nambalayo sangadziwike. Zimenezi si zoona. Nambala ya madijiti 9 ingakhale imodzi mwa manambala 1 biliyoni okha, ndipo kompyuta wamba ikhoza kuyesa onsewo m'kanthawi kochepa mpaka kupeza yofanana nayo. Musalonjeze kuti deta yotere ndi yosadziwika mwini wake. Njira yodalirika ndi kusaitenga nambalayo n'komwe.

Nkhani ya nambala ya chotsatsa ndi yofanana, ndipo n'chifukwa chake yatchulidwa payokha. Pamene mukutolera, zotsatsa zatsopano zimalowa pamwamba pa mndandanda n'kukankhira zakale ku tsamba lotsatira, choncho chotsatsa chimodzi chikhoza kukupezani kawiri. Popanda nambala yake simungadziwe zobwereza, ndipo ziwerengero zanu zipotoka. Koma nambala yomweyo ndi njira yobwerera ku tsamba limene lili ndi dzina ndi foni ya munthu. Muisunge mpaka mutachotsa zobwereza, kenako muifufute.

Pa tsiku lofufuta fayilo, funsani kaye malamulo a yunivesite yanu. Ena amafuna kuti deta ya kafukufuku isungidwe kwa zaka zingapo kuti oyesa ntchitoyo athe kuiona. Ngati zili choncho, lembani nthawi yeniyeniyo m'kalata. Ndi bwino mwiniyo akane zaka 5 zimene mwamuuza kusiyana n'kuti avomere miyezi 6 imene simudzaisunga. Chimodzimodzi ngati mukuganiza zodzasindikiza ntchitoyo m'magazini ya akatswiri, poti magazini ena amapempha kuti deta iikidwe poyera. Chiganizo chakuti "sindidzaiika pa intaneti" chidzakumangani, ndiye ganizirani zimenezi tsopano.

Kalatayi ilibe ndime yoyamikira webusayiti, ilibe mbiri ya moyo wa wophunzira, ndipo simutchulidwa malamulo pofuna kuonetsa kuti "ndikhoza kutenga ngakhale mukane". Chomalizachi chimaononga makalata ambiri. Wolandira akangoona mawu a zamalamulo amaitumiza kwa maloya a kampani, ndipo loya akafunsidwa ngati n'koyenera kulola mlendo kutapa deta, yankho losamuika pamavuto ndi lakuti ayi.

Ipite kwa ndani

Pa webusayiti yaing'ono, imelo imene ili pa tsamba la kulumikizana nawo imafika kwa mwini weniweni. Pa kampani yaikulu, imeloyo imafika kwa othandiza makasitomala, amene alibe mphamvu yovomera zotere. N'chifukwa chake kalata ija yatha ndi pempho loti ailozere kwa woyenera. Yang'anani pa tsamba la malamulo ndi pa tsamba lonena za kasungidwe ka zinsinsi za anthu, chifukwa kawirikawiri pamakhala imelo ya anthu amene angagamule. Adiresi yoyamba ndi `webmaster@` ndi yakalekale ndipo mawebusayiti ena akadali nayo, koma ena palibe amene amaiwerenga. Kaundula wa eni mayina a mawebusayiti, wotchedwa WHOIS, sathandiza kwenikweni masiku ano, poti kuyambira 2018 zambiri za eni ake zimabisidwa.

Yankho likabwera, onani amene walemba. Wothandiza makasitomala akayankha kuti "palibe vuto", funsani mwaulemu ngati yankholo likuimira kampani. Chimene mukufuna ndi imelo yochokera pa adiresi ya kampaniyo, ya munthu amene watchula udindo wake, yoyankha pansi pa kalata yanu kuti manambala anu azioneka pamodzi ndi chivomerezocho. Mukalankhulana pa foni, lembani imelo tsiku lomwelo yobwereza zimene mwagwirizana ndipo pemphani kuti atsimikize. Isungeni, chifukwa komiti ya yunivesite ndi oyesa lipoti akhoza kuifuna.

Akavomera, akakana, akakhala chete

Kuvomera kwambiri kumabwera ndi zosintha: tengani mndandanda wokha, musatitchule dzina, tionetseni lipoti musanalipereke. Ziwiri zoyambazo n'zosavuta. Chachitatucho mukambirane ndi woyang'anira wanu musanavomere. Kuwaonetsa kuti akonze zolakwika zokhudza webusayiti yawo n'kwabwino, koma kuwapatsa mphamvu yochotsa zimene mwapeza chifukwa sizikuwakomera kumaononga kafukufukuyo. Lembani kusiyana kumeneku m'yankho lanu.

Akakutumizirani CSV m'malo mokulolani kutolera, mwapeza zabwino koposa, koma funsani mmene anasankhira zimene zilimo. Kodi ndi zotsatsa zimene zilipo lero zokha, kapena ndi zakale zomwe? Kodi zimene anazichotsa chifukwa zinali zachinyengo zilimo? Mayankho amenewa alowa m'gawo la lipoti lofotokoza njira imene munatsata.

Akakana, nkhani ya webusayiti imeneyo yatha. Ena amanena kuti ndi bwino kusapempha n'komwe, popeza kukanidwa kumakutsekera njira imene mwina inali yotseguka. Mfundoyi ili ndi choonadi chake: munthu amene wakanidwa n'kupitirizabe ali pamalo oipa kwambiri kuposa amene sanafunse. Koma imeneyi ndi nkhani ya ofufuza amene ntchito yawo ndi kuunika kampani imene singafune kuunikidwa, ndipo iwo amachita zimenezo ali ndi maloya a yunivesite ndi chivomerezo cha komiti kumbuyo kwawo. Wophunzira amene akufanizira lendi ndi zipinda sali m'gulu limenelo. Iye alembere mawebusayiti awiri kapena atatu nthawi imodzi, ali ndi miyezi ingapo m'manja, kuti wina akakana ntchito isaime.

Kukhala chete si kuvomera, ndipo musalembe m'kalata kuti "ndikapanda kumva kwa inu ndidzayamba", chifukwa mawu amenewo amamveka ngati kuopseza komanso sakupatsani chilolezo chilichonse. Pakatha masabata 2 tumizani chikumbutso chachifupi pansi pa kalata yoyamba ija. Pakathanso sabata, woyang'anira wanu ayese kulemba yekha, poti kalata ya mphunzitsi nthawi zina imayankhidwa pamene ya wophunzira inasiyidwa. Zikakanika, ngati malamulo a webusayitiyo amaletsa kutolera ndi mapulogalamu, chiletsocho chikadalipo. Ngati sanenapo kanthu ndipo robots.txt ikulola, chigamulo chikhale cha woyang'anira ndi komiti, cholembedwa, osati chanu nokha.

Usiku wotolera

Yambani ndi masamba 20 okha, kenako tsegulani fayilo muone ngati muli mizati imene munalonjeza yokha. Apa ndi pamene mumazindikira kuti pulogalamu ikusunga tsamba lonse lathunthu pa kompyuta yanu, ndi manambala a foni omwe, ngakhale tebulo lanu likuoneka loyera. Zimitsani zimenezo musanapitirize.

Seva imayankha pempho lililonse ndi nambala. 200 ikutanthauza kuti zayenda. 429 ikutanthauza kuti mwachulutsa mapempho, ndipo nthawi zina imabwera ndi mzere wa `Retry-After` wonena nthawi yoti mudikire. 503 ikusonyeza kuti seva yalemedwa kapena akuikonza. 403 ikutanthauza kuti mwakanizidwa. Pulogalamu yanu iziima yokha ikalandira 403, ndipo izidikira nthawi yotalikirapo ikalandira 429 kapena 503. Izilembanso nthawi imene tsamba lililonse latenga kuti libwere. Masamba amene amabwera pasanathe sekondi akayamba kutenga masekondi 5, lekani usiku umenewo ngakhale manambala akadali 200. Samalaninso ndi 200 yonyenga: makina ena otetezera mawebusayiti amayankha 200 koma n'kutumiza tsamba lofunsa ngati ndinu munthu. Chizindikiro chake ndi mizere yopanda mitengo yotsatizana, kapena masamba ambiri ofanana kukula ndendende.

Kutsekeredwa muli ndi chilolezo kumachitika kawirikawiri, chifukwa amene anavomera uja si amene amayang'anira seva, ndipo makina otetezera sawerenga maimelo. Zikatero musasinthe IP, musabise dzina la pulogalamu kuti izioneka ngati munthu wamba, ndipo musalambalale funso lija. Chilolezo chanu chinali cha pulogalamu yodziwika dzina, osati yozembera. Lemberani amene anavomerayo, muwauze nthawi imene munatsekeredwa, nambala imene seva inayankha ndi adiresi yanu ya IP, kuti akauze anzawo a ku seva akutsegulireni.

Mukapeza kuti zotsatsa zachuluka kuposa mmene munawerengera ndipo masamba 2,000 aja sakwana, imani pa 2,000 n'kupempha owonjezera. Mukamaliza, tumizani imelo yachidule yonena masiku amene munatolera, chiwerengero chenicheni cha masamba amene munatsegula, ndi tsiku limene mudzafufute manambala a zotsatsa. Manambala omwewo, pamodzi ndi tsiku limene chilolezo chinaperekedwa, muwalembe mu lipoti lanu pagawo la njira imene munatsata.